Chenjezo kwa inu otsegula magulu a maliro pa WhatsApp

Ana anga, tamverani kuno, chifukwa zimene ndaona mwezi wathawu sindifuna kuzionanso.

Tinataya mlongo wanga ku Chawama. Mdzukulu wina, poti ndi wachangu pa foni, anati asonkhanitse abale kuti tisonkhe za bokosi, basi yopita kumanda ku Chingwere, ufa ndi makala. Koma ulesi! M'malo motsegula gulu latsopano, anatenga lakale lija la ukwati wa chaka chatha, nangowonjezeramo anthu. Dzina linali lomwe lija, "Banja Lathu", chithunzi chili cha keke. Ambiri analitseka pakamwa kalekale gululo chifukwa cha mavidiyo a madansi. A ku Katete atalandira linki anaona kekeyo n'kuganiza kuti kwabweranso ukwati wina wofuna ndalama, osalowa. Panapita masiku 2, mwa anthu 60 amene anasonkha ndi 7 okha, thupi lili ku mochale. Kenako mdzukuluyo n'kumadandaula kuti abale ndi ouma mtima. Ayi mwanawe, anthu sanamve kuti kwagwa zovuta.

Tiyambe ndi dzina. WhatsApp imalola zilembo 100, koma pa mndandanda wa macheza pamaoneka mawu oyambirira okha, enawo amadulidwa n'kusanduka timadontho. Mukalemba "Gulu la abale onse okhala mu Lusaka ndi kumudzi la zopereka za maliro", agogo pa kafoni kawo angowerenga "Gulu la abale onse", mawu oti maliro atabisika kumchira. Ndiye ntchito ya gulu izibwera poyamba, malo pambuyo: "MALIRO Chawama: zopereka". Foni yangayi ili ndi magulu 4 oyamba ndi "Banja", ndipo ine amene ndinalakwitsapo, uthenga wa chilimba n'kuutumiza kwa apongozi. Musanaitane munthu, tengani foni yaing'ono kwambiri m'nyumbamo muone ngati dzinalo likumveka lisanaduke.

Tsono pali malo ofotokozera gulu, amene ambiri mumawasiya opanda kanthu, kapena mumaikamo vesi ndi timaluwa. Vesi si loipa, koma silinena kuti ndalama zipite kwa ndani. Mumati, "Tinalemba kale mu gulu." Munalembadi, koma uthengawo unamira pansi pa "pepani" 200, ndipo wolowa mochedwa kawirikawiri saona zimene zinalembedwa iye asanalowe. Malongosoledwe a gulu ndi amene samira. Malo alipo a zilembo 2048, komabe mizere yoyamba yokha ndiyo imaonekera munthu asanatambasule, choncho zofunika zikhale pamwamba. Ife titakonza tinalemba chonchi: "Gulu ili ndi la zopereka za maliro a amayi athu a ku Chawama. Banja lililonse K200, lomaliza Lachinayi madzulo. Tumizani kwa msungichuma yekha, kenako ikani risiti muno. Malonda ndi ndale ayi." Mizere yochepa, koma mafoni ofunsa kuti "ndi zingati kodi?" analeka.

Apa ndiye pamene ndikufuna mutchere khutu. Gulu likangotsegulidwa, aliyense wa m'gulumo akhoza kusintha dzina, chithunzi ndi malongosoledwe aja, pokhapokha adimini atatseka. Ganizirani linki yayendayenda, mwalowa munthu wosamudziwa, usiku n'kuchotsa nambala ya msungichuma n'kuikapo yake. WhatsApp imalembadi kamzere kosonyeza kuti uje wasintha malongosoledwe, koma ndani amakaona pakati pa mauthenga a chipepeso? Adimini, dinani dzina la gulu pamwamba, lowani pa "Group permissions", muzimitse "Edit group settings". Ntchito yake sifika ndi miniti yomwe. Dziwaninso kuti wogwira linki amaona dzina ndi chithunzi asanalowe n'komwe, ndiye zachinsinsi za banja musaziike pamenepo.

Za chithunzi ndinena mwachidule. Chimaoneka m'kabwalo kofanana ndi chikhadabo, ngodya zonse zitadulidwa. Chikalata chodzaza masiku ndi pulogalamu sichiwerengeka mmenemo. Ikani nkhope ya malemu ali moyo, ili pakati, mutapempha kaye eni mbumba. Chithunzi cha pabedi la kuchipatala ayi, ndithu ayi. Ana ake amachiona nthawi iliyonse akatsegula foni.

Titasintha dzina ndi kuchotsa keke uja, a ku Katete analowa tsiku lomwelo, basi n'kulipiridwa. Titaika maliro ndinauza mdzukulu uja alembe ndalama zonse zolowa ndi zotuluka m'malongosoledwe, dzina alisinthe likhale "ZATHA: maliro Chawama". Dzulo ndamva akunong'onezana kuti gulu lomweli aligwiritse ntchito pa ulendo wa ku Kulamba mu Ogasiti. Ndamuuza atsegule lina.