Alamu a ku Lusaka aseka "bwera" wanga, koma phala lawo lilibe mpweya

Sabata yatha ndinalemba pa gulu lathu la pabanja la WhatsApp kuti, "Alamu, mubwere lero, tikudikira." Mlamu wanga wa ku Lusaka anayankha ndi tinkhope toseka khumi. Akuti ife Amalawi timathira r paliponse pofuna kuoneka ngati Angerezi, mawu enieni ndi "mubwele lelo". Abale onse a tsidya ilo anamuombera m'manja, ngakhale apongozi amene. Zinandiwawa, pakuti r ameneyu ndinamuphunzira ndi zikwapu kupulayimale, ndipo si wa Mngerezi ayi.

Nkhani yonse yagona pa zinthu ziwiri zimene akatswiri a zilankhulo amazitcha fonimu ndi alofoni. Fonimu ndi liwu loti ukalisinthanitsa ndi linzake, tanthauzo la mawu limasinthanso. Alofoni ndi katchulidwe kosiyanasiyana ka fonimu imodzimodziyo, koti khutu likhoza kukamva koma tanthauzo silisuntha. Kuyesa kwake n'kosavuta. Mumatenga mawu awiri ofanana paliponse kupatula liwu limodzi, n'kufunsa mwini chilankhulo ngati akunena chinthu chimodzi kapena ziwiri.

Tiyese ndi l ndi r. Uzani agogo ku Dedza kuti "mwana akulila", kenaka muwauze kuti "mwana akulira". Maulendo onse awiri adzadzuka kukamutonthoza mwana yemweyo. Ndafufuza mawu awiri a Chichewa osiyana tanthauzo chifukwa cha l ndi r yekha, mpaka lero sindinawapeze. Ndiye kuti kwathu l ndi r ndi fonimu imodzi yovala malaya awiri. Lilime likachokera pa i kapena e limakhala lili kale m'mwamba chakutsogolo, choncho kwa anthu ambiri limangomenya kamodzi msangamsanga kuseri kwa mano, liwu n'kumveka ngati r. Likachokera pa a, o kapena u, liwu limamveka ngati l. N'chifukwa chake timati gula koma gulira, mwala koma mwera, Mulanje koma Chiradzulu. Malamulo a kalembedwe amene Bungwe la Chichewa linatulutsa mu 1973 amatsata zomwezi: r pambuyo pa i ndi e, l kwina konse.

Apa ndivomere, ngakhale zikundipweteka. Mlamu wanga ali ndi mfundo. Kalembedwe kabwino kamapatsa fonimu iliyonse lembo limodzi, alofoni n'kuwasiyira pakamwa. Ife tinapatsa fonimu imodzi malembo awiri, ndipo lamulo lathulo lili ndi zigamba. Timalemba lilime, ndili, chilimwe, Lilongwe, l atatsatira i, ati chifukwa i ameneyo ndi wa mphatikiram'mbuyo. Mwana wa sitandade 3 angadziwe bwanji zimenezo? Amangoona cholembera chofiira cha aphunzitsi pa "lelo", chonsecho khutu lake silinamunamize. Anzathu a ku Lusaka amene amangolemba l paliponse pa foni sataya tanthauzo ngakhale limodzi. Chibemba chimene amakhala nacho limodzi chimalembanso l yekha, pomwe Chishona ku Zimbabwe chinasankha r yekha, ndipo onsewo akugona tulo.

Koma alamu asafulumire kuvina. Mu uthenga womwewo analemba kuti mlongo wanga "akupika", ana "akupunzila". Pamenepo ndiye ndinadzuka pa mpando. Iwo amaona ngati h ndi chokongoletsa ngati r uja, choti ungachotse popanda kanthu kuonongeka. Sizili choncho.

Ng'ambani kapepala, mukagwire pa mtunda wa chala chimodzi kutsogolo kwa milomo. Nenani "pala". Kapepala kangogwedezeka pang'ono. Tsopano nenani "phala". Kauluka. Milomo yatsekeka ndi kutseguka chimodzimodzi, kusiyana kwake ndi kampweya kamene kakutuluka pambuyo pa p. Tsono funsani aliyense pa msika wa Mchinji ngati kupala nsomba mamba ndi kumwa phala n'chimodzi. Chimodzimodzi kola ndi khola: msampha umakola mbewa, mbuzi zimagona m'khola. Kampweyako kasintha tanthauzo, ndiye p ndi ph ndi mafonimu awiri, k ndi kh ndi awirinso. Wochotsa r wachotsa malaya chabe, koma wochotsa h ameneyu wasandutsa chakudya cha mwana kukhala ntchito ya mpeni.

Pali malo amodzi pomwe ndiwakhululukira. Akalemba "nkuku", "muntu" kapena "nkani", palibe chosokonekera, chifukwa mu Chichewa n kapena m akagwirana ndi k, t kapena p mu phatikizo limodzi, mpweya uja umabwera wokha: nkhuku, munthu, mphika. Palibe mawu ena oti "nkuku" opikisana ndi nkhuku. Pamalo amenewo kusiyana kwa mafonimu awiriwo kumazimiririka. Ndipo ndisanamizire Zambia yense. Abale athu a ku Chipata ndi Katete amauzira mpweya pa phala ngati ife tomwe. Vuto ndi Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka, chimene chadyera mbale imodzi ndi Chibemba nthawi yaitali.

Chimene chinandisangalatsa pofufuza mkanganowu n'chakuti Chingerezi, chimene alamu akuti tikuchitengera, chimachita zotembenuza ndendende. Kwa Mngerezi k wa mpweya ndi k wopanda mpweya ndi alofoni a fonimu imodzi. Kumayambiriro kwa mawu amauzira, pambuyo pa s sauzira, ndipo mwini wake sadziwa n'komwe kuti akutchula mosiyana. Makolo athu ndi amene anamva kusiyanako, chifukwa makutu awo anali atazolowera kola ndi khola. Taonani mawu amene anabwereka: khoti, khofi, khadi, khitchini, onse ali ndi mpweya. Koma sukulu ndi siketi alibe, monganso sitolo ndi sipuni. Mzungu ankati akutchula liwu limodzi, agogo anamva awiri n'kuwasunga padera. Si mawu onse anatsata njira imeneyi, kapu ndi tiyi analowa opanda mpweya, koma mzerewo ukuoneka bwino.

Pa l ndi r ndiye ife timalipira. Mu Chingerezi amenewa ndi mafonimu awiri, moti mawu awo otanthauza kupemphera ndi otanthauza kusewera amasiyana pa r ndi l basi. Mlaliki wa ku Lilongwe ndi mlaliki wa ku Lusaka onse amaterereka pamenepa mofanana, n'kuitana mpingo kuti usewere. Si umbuli. Khutu limene lakula likumva l ndi r ngati chinthu chimodzi limafunika kuphunzitsidwa mwadala kuti lizilekanitse. Abale a ku Tete ndi Angónia amakumana nazo zomwezo mu Chipwitikizi, chimenenso chimasiyanitsa awiriwa. Umboni wina ndi lipoti ndi lezala: mawu onsewa anabwera ndi r kumayambiriro, ife tinawalandira ndi l. Tikanakhala otengera Angerezi, bwenzi titamusunga r ameneyo.

Ndinawalembera zonsezi alamu, ndi mawu oti ayese kapepala kaja. Madzulo anatumiza kanema, ana awo atatu ali pa mzere pakhonde, aliyense kapepala pamlomo, akukuwa "pala, phala". Wamng'ono kwambiri ndi amene kake kanauluka bwino. Alamu anayankha kuti h amubweza, koma r sadzamulemba mpaka kalekale. Ndawavomera. Khirisimasi ino akubwera kudzera pa Mwami, ndipo ndawauza kuti m'mawa mwake kudzakhala phala la mgaiwa lothira nsinjiro.