Draw No Bet, Double Chance ndi GG: zomwe ndinawerengera muphwa wanga papepala

Muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, amapalasa njinga yonyamula anthu kuchokera pa Kapata. Loweruka lapitali anabwera kunyumba thukuta lili kamukamu, nanditambasulira foni. "Amalume, onani. Lero sindinaseweretse ndalama, ndasankha zotetezeka zokhazokha." Pa tikiti panali magemu asanu, onse Double Chance, aliyense mtengo wake cha m'ma 1.22. Anaika K100 kuti atenge K270. Pofika madzulo gemu imodzi inali itamuthyola mwendo, ndipo K100 ija, yomwe anaipeza popalasa dzuwa lili pamutu, inapita.

Zinandipweteka, chifukwa mwanayu si wosasamala. Anachita zomwe anyamata ambiri muno mu Chipata amauzana, zoti pobetcha mpira Double Chance ndi Draw No Bet ndi zotetezeka, ndipo GG, yoti matimu onse awiri agoletse, ndi yosavuta. Maganizo anga ndi akuti chitetezo chimenechi chimagulidwa, nthawi zambiri mokwera, ndipo GG ilibe chitetezo ngakhale pang'ono. Ndinatenga pepala n'kukhala naye pakhonde, ndipo zomwe tinawerengera ndi izi.

Tiyerekeze gemu imodzi. Manambalawa ndasankha ine kuti tiphunzirirepo, koma ndi a mtundu womwe mumauona pafoni. Timu ya pakhomo 2.10, dulo 3.20, timu yoyenda 3.60. Mukagawa 100 ndi mtengo uliwonse, mumapeza mwayi womwe kampani yaika pamenepo: pafupifupi 47.6, 31.3 ndi 27.8. Mukaphatikiza zikukwana 106.7, osati 100. Zapamwambazo ndiye phindu la kampani, lomwe yadula kale mpira usanayambe. Tikazichotsa, ndiye kuti pa magemu 100 otere a pakhomo awina pafupifupi 45, dulo ichitika ka 29, oyenda awina 26.

Draw No Bet ya timu ya pakhomo imatanthauza kuti akawina mwadya, ikatha dulo akubwezerani ndalama yanu yokha, akagonja mwaluza. Double Chance ya 1X imatanthauza kuti akawina kapena ikatha dulo mwadya, akagonja mwaluza. Apa ndi pomwe muphwa wanga anakhala chete pang'ono. Misika iwiriyi imagwera pa dzenje limodzi. Timu yoyenda ikawina, onse awiri aluza K100 yonse. Ndiye amene amati 1X ndi yotetezeka kuposa Draw No Bet sakunena zoona pa nkhani ya kuluza: magemu 26 aja pa 100 akudya onse mofanana. Kusiyana kuli pa dulo basi. Wa 1X amalandira kaphindu pa dulo, ndipo malipiro ake n'kulandira zochepa timu yake ikawina. Wa Draw No Bet salandira kanthu pa dulo, koma timu ikawina amatenga zambiri.

Tsono mtengo woyenera wa misika iwiriyi mutha kuupeza nokha, chifukwa yonse imapangidwa kuchokera pa 1, X ndi 2, kutanthauza kuwina kwa a pakhomo, dulo ndi kuwina kwa oyenda. Tengani K100 yanu muigawe. Ikani K31.25 pa dulo ya 3.20; ikatha dulo mulandira K100 ndendende, ndalama yanu yabwerera. K68.75 yotsalayo ikani pa timu ya pakhomo ya 2.10; akawina mulandira K144. Mwadzipangira Draw No Bet ya 1.44 ndi manja anu. Ngati pafoni Draw No Bet yalembedwa 1.40, ndiye kuti akukugulitsani chinthu chomwecho atachotsapo K4 pa K100 iliyonse. Double Chance nayonso ndi chimodzimodzi: K60 pa timu ya pakhomo imabweza K126, K40 pa dulo imabweza K128. Choncho 1X yodzipangira ili cha pa 1.27. Akakulemberani 1.22, K5 yapita musanaone ndi mpira womwe. Nthawi zina mupeza kuti mtengo wa pafoni ndi wofanana kapena woposerako pang'ono, ndipo zikatero tengani wa pafoniwo. Chomwe ndikukana ine n'kudina osayeza.

K4 kapena K5 imaoneka yochepa, koma yang'anani pa phindu osati pa K100. Phindu la 1.27 ndi K27, la 1.22 ndi K22. Akuchotserani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a zomwe mukadadya. Pamitengo yaing'onoing'ono ndi pomwe kudula kumabisala bwino, chifukwa diso limaona 1.2 ndi 1.2, osazindikira kuti nambala yomalizayo ndiyo nyama yake.

Tinawerengera magemu 100 aja, K100 pa gemu iliyonse. Wa 1X ya 1.22 adya ka 74, K22 nthawi iliyonse, zonse K1,628. Aluza ka 26, K2,600. Watsala ndi dzenje la K972, chikhalirecho anali kusangalala pafupifupi katatu pa magemu anayi alionse. Wa Draw No Bet ya 1.40 adya ka 45, K40 nthawi iliyonse, K1,800. Ka 29 abwezeredwa. Aluza K2,600 yomweyo. Dzenje lake ndi K800. Onse aluza, koma amene anawina kawirikawiri ndi amene waluza zambiri. N'chifukwa chake Double Chance imandidetsa nkhawa kwambiri kuposa inzake: imakupatsa kachimwemwe pafupipafupi, mtima n'kuiwala kuti kugwa kumodzi pa 1.22 kumafuna kuwina kasanu kuti ubwerere pomwe unali.

Ndipo anyamata sasiya pa gemu imodzi, chifukwa K22 ndani angaidikire mphindi 90? Amaunjika, monga anachitira muphwa wanga. Magemu asanu a 1.22 amapereka 2.70. Koma ngati gemu iliyonse ili ndi mwayi wa 74 pa 100, kuti yonse isanu ilowe mwayi umatsika kufika pa 22 pa 100. Tikiti yomwe iye ankaitcha yotetezeka inali yoti igwe pafupifupi kanayi pa kasanu. Atati aziseweretsa tikiti yotere ka 100, aika K10,000, abwezeredwa cha m'ma K6,000. Kudula kwa kampani kuli pa mwendo uliwonse, ndipo mukaunjika miyendo nakonso kumachulukana. Draw No Bet mu tikiti yaitali nayo ili ndi chake chomwe ambiri amadabwa nacho: gemu ikatha dulo, mwendo umenewo umawerengedwa 1.00, tikiti imapitirira koma ndalama yoyembekezera imatsika.

Za Double Chance ya 12, yomwe imati wina awine basi dulo isachitike, sindichedwapo. Mukubetchera kutsutsana ndi dulo, yomwe pa chitsanzo chathu ili ndi mwayi woposa wa timu yoyenda kuwina, pamtengo waung'ono womwewo.

GG, yomwe pena imalembedwa Both Teams To Score, ndi nkhani ina. Anthu amaiika pamodzi ndi ziwiri zija chifukwa sufunika kusankha wowina, koma si pachibale. Funso lake ndi lakuti kodi matimu onse awiri agoletsa? Simungaipange kuchokera pa 1, X ndi 2, ndiye njira yokha yoyezera mtengo wake n'kuyang'ana mbali zonse ziwiri. Ngati GG ili 1.85 ndipo NG, yoti sagoletsa onse awiri, ili 1.85, gawani 100 ndi 1.85: mupeza 54, kawiri ndi 108. Kampani yadula 8, kuposa 6.7 wa msika waukulu uja. Kuti musaluze pa 1.85 muyenera kulondola ka 54 pa 100, pa chinthu chomwe mtengo wake ukunena kuti ndi theka kwa theka. Palibe kubwezeredwa, palibe zotsatira ziwiri zokugwirani. Mwadya kapena mwaluza.

Vuto la GG lomwe ndimaliona ndi lakuti anthu amayang'ana timu yamphamvu, kuti iyi imamwetsa zigoli zambiri. Koma GG imadalira timu yofookayo. Timu yaikulu itha kuchinya 4-0, mpira wokoma, zigoli mbwee, inu tikiti yafa. 1-0, 2-0, 0-0, zonsezi ndi imfa ya GG. Funso loyenera ndi lakuti kodi ofookawo ali ndi woponya kutsogolo amene angapeze chigoli chimodzi, nanga otchinga kumbuyo a timu yaikulu amadontha? Ubwino wake umodzi ndiuvomereza: onse akagoletsa, ngakhale pa mphindi 20, nkhani yatha, chigoli cha mphindi yomaliza sichingakulandeni kanthu. Wa Draw No Bet ndi wa 1X amakhala mtima uli m'mwamba mpaka wezulo yomaliza. Koma ndimadabwa ndikaona munthu akuti gemu iyi ndi yothina, nditeteze ndi 1X, kenako pa gemu yomweyo n'kuwonjezera GG. Gemu yothina ndi yomwe imatha 0-0 kapena 1-0. Maganizo awiriwa amagwirizana bwino pa 1-1, koma mbali zambiri akukokerana kosiyana.

Kuti amvetse bwino ndinamukumbutsa gemu yomwe aliyense wa kuno amaidziwa, ngakhale iye anali mwana: fainolo ya chikho cha Africa mu 2012 ku Libreville, Chipolopolo ndi Ivory Coast. Mphindi 90 zinatha 0-0, nthawi yowonjezera 0-0, tinatenga chikho pa mapenate 8-7. Misika yonse itatuyi imawerengera mphindi 90 ndi zowonjezera za oimbira basi, osati mphindi 30 zapadera kapena mapenate. Ndiye usiku umene Zambia yense ankavina, wobetchera kuti Chipolopolo iwina akanaluza. Wa Draw No Bet akanangobwezeredwa ndalama yake. Wa Double Chance ya Zambia kapena dulo akanadya, ndipo wa Ivory Coast kapena dulo nayenso akanadya. Wa GG akanaluza, ngakhale mipira 15 inalowa muukonde pa mapenate. Muphwa wanga sankadziwa zimenezi, ndipo ndikhulupirira kuti anzake ambiri pa siteji sadziwa.

Atandifunsa kuti, "Nanga amalume, pa zitatuzi yabwino ndi iti?" ndinamuyankha mosabisa. Palibe yomwe imachotsa phindu la kampani, ndipo ndikanakonda ndalama ya njinga izipita ku ufa ndi matayala. Koma ngati wasankha kubetcha, ine ndimaika Draw No Bet patsogolo, gemu imodzi yokha, pamene ukukhulupiriradi kuti timu iwina koma ukuopa dulo, ndipo utayamba wayeza mtengo ndi kugawa kuja. Double Chance ndimaimvetsa pa timu yonyozeka, monga X2, ya dulo kapena timu yoyenda, yomwe mtengo wake uli pafupi ndi 2.00, pamene ukuona kuti ang'onowo atha kulimba. Ya 1.20 pa timu yaikulu sindiifuna n'komwe. GG ndimaiona ngati kubetcha kwathunthu, kopanda chogwirira, ndipo ndalama yoikapo izikhala yomwe wavomera kale kuti itha kupita.

Pepala lija analipinda n'kuliika m'thumba la malaya. Lolemba m'mawa ananditumizira chithunzi cha gemu ina: pakhomo 1.95, dulo 3.40, Draw No Bet 1.33. Pansi pake analemba kuti wawerengera yekha wapeza 1.38, ndipo sanaike kanthu.