Maganizo anga: pulani ya ERP si kalendala ya mamodyulo

ERP ndi sofutiweya imodzi yoyendetsera ntchito za kampani monga za ndalama, zogulagula, za sitoko ndi za antchito, ndipo chigawo chake chilichonse chimatchedwa modyulo. Ndimatopa ndi mapulani a ERP omwe amangoti miyezi itatu yoyamba tiyika za ndalama, itatu yotsatira zogulagula, kenako za sitoko, pomaliza za antchito. Mukafunsa kuti bwanji za ndalama zili patsogolo, yankho limakhala lakuti wogulitsa sofutiweya ndiye wanena choncho. Kwa ine apa ndi pomwe njira ya ADM ya mu TOGAF imagwira ntchito yake yeniyeni, ndipo ntchitoyo si kudzaza mafayilo monga ambiri amaganizira.

Kwa amene simunaikhudzepo, TOGAF ndi ndondomeko ya bungwe la The Open Group yopangira mapulani a mmene bizinesi ndi masisitimu ake a kompyuta aziyendera limodzi. Inatuluka koyamba mu 1995, ndipo mtundu wake wa nambala 10 unatuluka mu 2022. Pamtima pake pali ADM, njira yopangira mapulaniwo gawo ndi gawo, yomwe amaijambula ngati chozungulira: gawo lokonzekera, kenako magawo A mpaka H, ndipo pakati pali kusamalira zofunikira za bizinesi. Gawo A ndi masomphenya, B ndi kayendetsedwe ka bizinesi, C ndi deta ndi mapulogalamu, D ndi makina ndi manetiweki. Mu E mumasonkhanitsa zosoweka zonse n'kuzimanga mitolo ya ntchito, mu F mumaika mitoloyo pa ndondomeko ya nthawi ndi ndalama, G ndi kuyang'anira omanga, H ndi kusamalira zosintha mtsogolo. Taonani pomwe nkhani ya chogula imalowera: ndi ku E. Makampani ambiri amasayina kontirakiti ya ERP asanamalize ngakhale A, chifukwa chionetsero cha wogulitsa chinali chokoma. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Tiyerekeze kampani yogawa katundu yomwe ili ndi mosungiramo katundu mutatu. Mabuku a ndalama ali m'pulogalamu yakale, sitoko ili m'pulogalamu ina, ndipo maoda opita kwa ogulitsa katundu amalembedwa mu Excel. Mu gawo B gulu likupeza kuti vuto lomwe likuwawa kwambiri eni kampani n'lakuti kutseka mabuku a mwezi kumatenga masabata atatu. Aliyense angafulumire kunena kuti tiyambe ndi modyulo ya ndalama. Koma mu gawo C zikuoneka kuti katundu mmodzi yemweyo ali ndi makodi atatu osiyana, nyumba iliyonse yosungiramo ndi kodi yakeyake, ndipo masabata atatu aja amathera pa kugwirizanitsa makodiwo pamanja. Mabuku a ndalama si omwe akudwala. Akungolandira matenda kuchokera ku sitoko.

Zimenezi zimasintha ndondomeko yonse. ERP imalipira wogulitsa katundu zinthu zitatu zikagwirizana: oda, umboni wakuti katundu walandiridwa, ndi inivoisi. Mukayatsa modyulo ya zogulagula makodi asanakonzedwe, oda imanena kodi ina, wolandira katundu n'kulemba ina, ndipo inivoisi imakanirira. Chizindikiro chake sichivuta kuona. Akaunti ya katundu wolandiridwa koma wosalipiridwa imangokula mwezi ndi mwezi, ogulitsa katundu amayamba kuimba mafoni, ndipo akalaliki amabwerera mwakachetechete ku Excel. Choncho mtolo woyamba wa ntchito sukhala modyulo ayi. Umakhala kuyeretsa kaundula wa katundu ndi kusankha munthu mmodzi amene ali ndi mphamvu yovomereza kodi yatsopano. Ntchitoyi ilibe chionetsero chokongola choti mukaonetse ku bodi, n'chifukwa chake imadumphidwa.

Chinthu cha mu ADM chomwe ndimachikonda kuposa zonse ndi masiteji apakati, omwe amayamba kujambulidwa mu E n'kutsimikizidwa mu F. Siteji yapakati ndi chithunzi cha kampani yonse mmene idzakhalire pa nthawi ina ulendo usanathe: pulogalamu iti idzakhala ikugwira ntchito, deta iti idzakhala kuti, ndani adzalemba chiyani. Ine ndimaiyesa ndi funso limodzi. Ndalama za pulojekiti zitatha lero, kodi kampani ingakhale pa siteji imeneyi chaka chathunthu, ikugulitsa ndi kutseka mabuku bwinobwino? Ngati yankho ndi ayi, imeneyo si siteji, ndi ntchito yongosiyidwa panjira.

M'chitsanzo chathu muli njira ziwiri. Yoyamba, makodi akakonzedwa, muyatse za ndalama zokha, sitoko ikhalebe m'pulogalamu yakale. Pamenepo muyenera kumanga cholumikizira chongoyembekezera chomwe usiku uliwonse chizitumiza mtengo wa katundu wolowa ndi wotuluka ku ERP. Cholumikizira chimenechi mudzachilipira, mudzachiyesa, wina azichiyang'anira m'mawa uliwonse, kenako mudzachitaya sitoko ikasamuka. Njira yachiwiri ndi kuyatsa za ndalama, zogulagula ndi sitoko tsiku limodzi. Palibe ndalama yotayika pa cholumikizira, koma tsikulo likalakwika, magalimoto sapakira. Ine ndingasankhe yoyamba ngati antchito a kosungira katundu sanagwiritsepo sisitimu yotere, ndipo ndingasamutse nyumba yaing'ono kwambiri poyamba. ADM sikusankhirani pakati pa ziwirizi. Chomwe imachita n'kukukakamizani kulemba mtengo wa cholumikizira chija pambali pa chiopsezo cha tsiku limodzi lija, kuti osankha asankhe akuona zonse.

Palinso kufufuza mipata, komwe kumachitika mu B, C ndi D. Mumalemba zomwe zilipo lero mbali imodzi, zomwe mukufuna mbali ina, ndipo chilichonse chakale chomwe sichikupezeka m'zatsopano muyenera kunena ngati mwachichotsa dala kapena mwangochiiwala. Pulogalamu yakale ya sitoko mwina imakana kutulutsa katundu kwa kasitomala amene wapyola malire a ngongole, lamulo lomwe wina analiika kalekale ndipo palibe analilemba paliponse. Mukapanda kulipeza pano, mudzalipeza ngongole zitakwera.

Komabe sindikunena kuti tsatirani buku lonse. TOGAF yomwe imati njirayi muisinthe igwirizane ndi bungwe lanu, komanso kuti mutha kubwerera m'magawo kangapo. Pa ERP izi n'zofunika kwambiri, chifukwa sofutiweya yogula imabwera ndi kachitidwe kake kale. Kuthera miyezi mukujambula tsatanetsatane wa mmene mukufunira kuti oda iziyenda n'kutaya nthawi, popeza ERP idzakupatsani njira yake. Mu B lembani zomwe kampani iyenera kukwanitsa ndi malo ochepa omwe imasiyana kwenikweni ndi anzake, suzumirani ku E msanga muone zomwe msika uli nazo, kenako mubwerere.

Nthawi zina tsiku lomaliza amaika ndi wopanga sofutiweya. Amene ali pa ERP ya kampani ya SAP yotchedwa ECC 6.0 ya mitundu yaposachedwa akudziwa kuti chithandizo chanthawi zonse chikutha kumapeto kwa 2027, ndipo chowonjezera cholipira chikufika 2030. Tsiku lotere limalowa mu gawo A ngati malire, ndipo mu F mumawerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pamenepo. Nthawi ikachepa, chepetsani zomwe zilowe m'siteji yoyamba, osati kuyeretsa deta.

Ndiye pali G, pomwe mapulani abwino amafera. Mkulu wa malonda akuti fomu ya oda ikhale ngati yakale, omanga akuvomera chifukwa ola lililonse amalipidwa. Komiti yoyang'anira mapulani itha kulola kupatuka kotere, koma chilolezocho chikhale ndi tsiku lotha ndi dzina la amene adzalipire kukonzanso pamene ERP ikukwezedwa. Mukafunsa dzina limenelo, ambiri mwa opempha amati fomu yatsopanoyo ayiyesa kaye.