Uphungu wa khothi la ku Hague si chigamulo, komanso si mphepo ayi

Pali kalankhulidwe kena kamene kamanditopetsa, khothi la dziko lonse la ICJ la ku Hague likangotulutsa uphungu wake anthu amagawanika pawiri, ena kuvina kuti basi tawina mlandu, ena kumati aaa zopanda mano izo ndi malangizo chabe. Kwa ine onsewa akuphonya, ndipo nkhani ya zilumba za Chagos za m'nyanja ya Indian ikuonetsa bwino chifukwa chake.

Mu 1965 Britain inadula zilumbazi ku Mauritius, kutatsala zaka zitatu kuti Mauritius alandire ufulu mu 1968, kenako anthu okhala kumeneko anasamutsidwa mokakamiza kuti America imange malo a asilikali pa Diego Garcia, chilumba chachikulu pa zilumbazo. Ndiye bwanji Mauritius sanangokasuma? Eya, ku ICJ sungakokere dziko linzako ngati mmene umakokera munthu kwa majisitireti, dzikolo liyenera kuvomera kaye, ndipo Britain povomera mphamvu za khothilo inapatula mikangano yake ndi mayiko a Commonwealth. Khomo linali lotseka.

Khomo linalo ndi la uphungu, koma pamenepo dziko palokha silingagogode, amene amafunsa ndi mabungwe a UN monga msonkhano waukulu wa mayiko onse uja. Ndiye Mauritius anayenda kampeni, mayiko a mu Africa kumuikira kumbuyo, mu June 2017 mavoti 94 anati funso lipite kukhothi, 15 anakana. Yankho linabwera pa 25 February 2019, majaji 13 kwa m'modzi anati Britain ichoke msanga chifukwa ntchito yochotsa utsamunda ku Mauritius sinamalizidwe mwalamulo. Wotsutsa yekhayo anali jaji waku America, mwina nzongochitika, ine sindinanene kanthu.

Britain inayankha zomwe mukuganizazo, kuti uphungu sumanga munthu. Ndipo pamenepo sananame ayi. Chigamulo cha mlandu weniweni chimamanga mayiko amene akuzengana, wina akakana kutsatira mnzakeyo atha kukadandaula ku Security Council, bungwe la UN loona zachitetezo, pomwe uphungu ulibe woimbidwa mlandu ndipo ngakhale bungwe lomwe linafunsalo silikakamizidwa kuutsatira. Msonkhano waukulu unavotanso mu May 2019, mavoti 116 kwa 6, kupereka miyezi isanu ndi umodzi kuti Britain inyamuke, November anakwana, anadutsa, ziii.

Koma apa ndi pomwe a “zopanda mano” amasochera. Pepalalo silimanga inde, koma lamulo lomwe majaji akufotokoza m'pepalamo limamanga kale. Ufulu woti anthu adzilamulire okha sunayambe mu 2019, khothi linangonena kuti lamuloli linalipo kale nthawi imene ankadula zilumbazo ndipo Britain inaliphwanya. Ndiye ukati sinditsatira uphungu palibe amene akumange, koma wasanduka dziko lomwe khothi lalikulu la UN lanena poyera kuti ukuswa lamulo, ndipo aliyense amene akufuna kukuvutitsa ali ndi pogwira tsopano.

Ndipo anagwiradi. Mu January 2021 khothi loona za malamulo a panyanja la ku Hamburg linkamva mlandu wa malire a m'madzi pakati pa Mauritius ndi Maldives, a Maldives nkumati sitingadule malire pano chifukwa mwini wa Chagos sakudziwika, pali mkangano ndi Britain. Majaji anakana, anati zomwe ICJ inanena zija ndi kufotokoza lamulo kochokera ku khothi lalikulu ndipo zili ndi mphamvu pa lamulo, zonena za Britain zangotsala zonena basi. Taonani, uphungu “wosamanga” uja walowa m'chigamulo chomanga mayiko awiri. Chaka chomwecho bungwe la mapositi a dziko lonse linasiya kuzindikira masitampa omwe Britain inkasindikizira zilumbazo, nkhani ya masitampa ingaoneke yoseketsa koma ndi mmene dziko limakupanikizira, pang'onopang'ono mpaka ulibe potembenukira. Pofika November 2022 Britain inavomera kukambirana, mu May 2025 anasainirana pangano loti zilumba ndi za Mauritius koma Diego Garcia ibwerekedwe kwa zaka 99 ndi kumalipira.

Musatengeke kwambiri komabe. Mu 2004 khothi lomweli linati khoma lomwe Israel inkamanga m'dera la Apalestina la West Bank ndi losemphana ndi lamulo, ligwetsedwe, majaji 14 kwa m'modzi, khomalo lilipobe mpaka lero. Kulemera kwa uphungu pa lamulo nkofanana konseko, chasiyana ndi choti Britain inafika poona kuti kukakamira kukuidyera zambiri kuposa kugonja. Ndipo ngakhale ku Chagos komweko, anthu osamutsidwa aja ambiri akudandaula kuti pa zokambirana sanaitanidwe, ndipo ku Diego Garcia komwe ambiri anachokera panganolo silikuwalola kukakhalanso.