Mtengo usamatsetsereke ngati auika pa matayala

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa ndikamaonera timakanema ta makatuni ta anthu amene angoyamba kumene. Munthu wajambula nkhalango yokongola zedi, waigawa m'maleya asanu ndi atatu, kutanthauza zigawo za chithunzi zosanjikizana, koma kamera ikangoyamba kuyenda zonse zimaoneka ngati mapepala akukhulana. Dzanja lojambula ali nalo. Chimene chalakwika n'chakuti liwiro la leya iliyonse wangoliika mwachiyerekezo. Maganizo anga ndi akuti maleya anayi owerengera bwino amaposa khumi ongoponya.

Paralakisi tonse timaidziwa ngakhale dzinalo lili lachilendo. Ukakhala m'galimoto, mitengo ya m'mbali mwa msewu imadutsa mothamanga pamene phiri lakutali limachita ngati likukuperekeza. Lamulo lake ndi limodzi basi: chinthu chikatalikira kamera kawiri, liwiro lake pa sikirini limatsika ndi theka.

Ine ndimayambira pa leya imene munthu wa m'katuniyo waponda, n'kuipatsa liwiro la 1. Zina zonse ndimaziwerengera kuchokera pamenepo, poyeza mtunda kuchokera pa kamera:

```
liwiro = mtunda wa munthu / mtunda wa leya
```

Tiyerekeze kuti chithunzi ndi cha mapikiselo 1920 m'lifupi, mtsikana akuyenda m'nkhalango kwa masekondi 5, ndipo sekondi iliyonse ili ndi mafulemu 24. Amenewo ndi mafulemu 120. Kamera ikumutsatira, ndipo nthaka imene waponda isuntha mapikiselo 1200, kutanthauza 10 pa fulemu iliyonse. Mtsikanayo ndamuika pa mamita 10. Mitengo ya kumbuyo kwake ili pa mamita 20, choncho liwiro lake ndi 0.5 ndipo isuntha mapikiselo 600. Phiri lili pa mamita 100, liwiro lake 0.1, lisuntha mapikiselo 120 okha. Udzu wa patsogolo uli pa mamita 5, ndiye uthamanga kawiri kuposa nthaka, mapikiselo 2400. Thambo ndimangolisiya chiimire.

Manambalawa amakuuzanso kukula kwa chimene ujambule. Leya iliyonse iyenera kukhala 1920 kuphatikiza mtunda umene isunthe. Phiri likufuna 2040 basi, koma udzu uja ukufuna 4320. Ambiri amajambula zonse mofanana, kenako udzu umathera pakati pa ulendo n'kusiya mpata woyera kumapeto kwa sikirini.

Koma pamene ndikufuna tiyang'anitsitse ndi patsinde pa mtengo. Ndinakhalapo usiku wonse ndikusinthasintha liwiro la mitengo chifukwa china chake sichinkandikhalira bwino, osadziwa kuti vuto linali pansi. Mitengo inkayenda pa 0.5, koma mizu yake ndinaidzala pa nthaka yoyenda pa 1. Fulemu iliyonse nthaka inkathawa mtengo ndi mapikiselo 5, ndipo mtengowo unkatsetsereka ngati uli pa matayala. Woonera sangathe kutchula chimene chalakwika, koma diso lake limakana kukhulupirira.

Njira yodziwira ndi yosavuta. Jambulani kamwala pafupi ndi tsinde, museweretse kanemayo pang'onopang'ono, maso ali pa kamwalako. Kakamatalikirana ndi tsinde, mtengo ndi nthaka yake zili pa maleya osiyana. Mankhwala ake ndi kuupatsa mtengo kachigawo kakekake ka nthaka pa leya yomweyo, ndipo pamene maleya awiri akumana mubisepo ndi tchire kapena kamtunda kokwera pang'ono. Musaiwalenso kujambula phiri lonse lathunthu, ngakhale mbali imene yabisika kuseri kwa mitengo, chifukwa mitengo ikasuntha mbaliyo idzaonekera.

Mtundu uyenera kugwirizana ndi liwiro. Chakutali chikhale chotumbululuka, chopendekera ku mtundu wa thambo, chopanda mizere yakuthwa. Phiri loyenda pang'onopang'ono koma lakuda bii ngati mtengo wapafupi limasokoneza diso. Udzu wa patsogolo nawo, poti ukulumpha mapikiselo 20 pa fulemu, umanjenjemera ukakhala wakuthwa kwambiri, choncho ndimaufewetsa pang'ono ndi kuuchepetsa kuti usamaphimbe nkhope ya mtsikanayo.

China chimene ndimatsutsana nacho anzanga kawirikawiri ndi ichi. Paralakisi imabwera kamera ikamachoka pamalo ena kupita pena. Ngati kamera yaima pamodzi n'kungotembenuka, monga munthu wocheuka kuyang'ana kumanzere, chapafupi ndi chakutali zimayendera limodzi. Yesani nokha: muone foni yanu ikujambula mukuitembenuza pamalo amodzi, kenako muyende nayo chammbali masitepe atatu. Mu katuni yanga mtsikana uja akaima n'kumayang'ana kumene kwalira mbalame, maleya onse ndimawapatsa liwiro lofanana, ndipo amasiyananso pokhapokha akayambiranso kuyenda.