Musamang'ambe pangano ngati kalata ya chibwenzi

Ndatopa nanu achinyamata a bizinesi. Sabata yatha mphwanga wandipeza ali ndi samani m'manja, thukuta lili kamukamu. Adabwereka lole kwa mkulu wina kwa miyezi 12 kuti azinyamulira chimanga. Mwezi wachitatu giyabokosi idafa, lole nkukhala kugalaja masabata awiri. Iye kupsa mtima, kukaponya makiyi pakhonde la mwini wake, kusiya kulipira, ati pangano latha. Latha bwanji? Adakuuzani ndani kuti mnzanu akangolakwitsa kanthu, inu mwamasuka?

Mfundo za m'pangano sizilemera mofanana, ndipo mukudziwa. Ilipo imene maloya amati kondishoni, mzati wa nyumba yonse. Wagula chimanga choyera, akubweretsera chachikasu: chikane, thetsa pangano, ukafunenso chipukuta misozi. Koma uchikane msanga. Wachilandira, wagayitsa, wadya nsima mwezi wathunthu, ndiye uzikati bwezereni ndalama zanga zonse? Chatsala apo ndi chipukuta misozi basi.

Ilipo walanti, mfundo yaing'ono ya m'mbali. Ikaphwanyidwa umalipidwa zomwe wataya, koma pangano limapitirira, nawenso uzichitabe mbali yako.

Imene yagwetsa mphwanga ndi yachitatu, ya inomineti, yosadziwikiratu kuti ndi mzati kapena tsekera. Lonjezo loti lole ikhala yoyenda bwino likhoza kuphwanyidwa ndi nyali yakufa, likhozanso kuphwanyidwa ndi injini yotheratu. Ndiye khoti siliyang'ana dzina la mfundoyo, limayang'ana bala: kodi kulakwako kwakulanda pafupifupi phindu lonse lomwe umayembekezera?

Nkhaniyi idagamulidwa ku England mu 1961, pa mlandu wa sitima yapamadzi ya Hong Kong Fir, ndipo malamulo athu a mapangano adachokera komweko. Sitimayo idabwerekedwa kwa miyezi 24. Injini zake zinali zokalamba, oziyang'anira osakwanira, ndipo idataya pafupifupi masabata 20 ikukonzedwa. Obwerekawo adathetsa pangano. Khoti lidati alakwa: itakonzedwa padatsala miyezi ngati 17 yogwira ntchito, choncho chawo chinali chipukuta misozi chokha. Masabata 20 osakwanira, ndiye inu ndi masabata anu awiri mupita nawo kuti?

Mphwangayo akadasunga malisiti a lole ina yomwe adachita hayala masiku amenewo, nkulembera mwini wake kalata yofuna ndalamazo, uku akulipirabe. Mlandu ukadakhala wake wowina. Lero wophwanya pangano ndi iyeyo, ndipo mkulu uja akufuna zomwe wataya pa miyezi yotsalayo. Wolakwiridwa wasanduka wolakwa chifukwa cha phuma.

Mumasaina osawerenga. Simulembetsa kuti lole ikafa masiku akutiakuti muli ndi ufulu wochoka, chiganizo chimodzi chokha. Loya mumamufuna samani itafika kale. Makiyi a eni musamaponye ngati mwala, anthu inu!