Tomato woola amalipiridwa ndi ndani?

Dzulo tinatsutsana ndi achemwali anga amene amagulitsa tomato pa Nchalo. Iwo akuti geni yavuta chifukwa anthu alibe ndalama. Ine ndikuti vuto ndi masamu awo: amawerengera tomato amene apikula, m'malo mwa amene afike m'manja mwa kasitomala. Kutentha kwa kuno ku Chigwa mu Okutobala mukukudziwa. Dengu likagona masiku awiri, wapansi amakhala atayamba kudontha madzi, ntchentche zili ng'waa.

Tinakhala pansi ndi cholembera. Dengu anapikula K36,000, thiransipoti ndi chiphaso cha msika K4,000, zonse K40,000. Munali tomato 250, ndiye iwo amati aliyense wawadyera K160. Aikapo 20 peresenti, yakwana K192. Koma 50 anaola, ogulitsika ndi 200 basi. 200 kuchulukitsa ndi K192 ndi K38,400. Tsiku lonse padzuwa, mpamba n'kuchepa ndi K1,600, eni ake akuganiza kuti awina!

Tomato woola uja munamulipira kale, ndipo mtengo wake ausenze ndi anzake otsala. Choncho K40,000 igawidwe ndi 200, osati 250. Aliyense wadya K200. Pamenepo simunapindule, mwangobweza mpamba.

Apa ndi pamene ambiri timaphonyanso. Ngati mukufuna kuti pa K100 iliyonse yolowa m'chitenje K20 ikhale yanu, musangoika 20 peresenti pamwamba pa K200. Imeneyo ikupatsani K240, dengu lonse K48,000, phindu K8,000, lomwe silikwana ngakhale K17 pa K100. Ganizani chonchi: ngati K20 ndi yanu, K80 yotsalayo ndiye mpamba. Gawani K200 ndi 80, chulukitsani ndi 100, mupeza K250. Mulu wa tomato 4, K1,000. Dengu lonse litulutsa K50,000, phindu K10,000.

Achemwali anati, "Nanga mnzanga wapambali akamaika 5 pa K1,000?" Funso labwino. Mukamutsatira mukugulitsa pa K200 yeniyeni ija, ndiye kuti mukugwira ganyu yaulere. Mtengo ukakanika kukwera, chepetsani zoola: pikulani theka la dengu lothera tsiku limodzi, sankhani wosapsetsa, muyaleni pamthunzi osamuunjika. Pa tomato 250 aja, ataola 25 okha, otsala ndi 225, ndipo ngakhale pa K200 mupeza K45,000.

Banyira nayenso muzimuwerengera ngati woola, chifukwa salowetsa kanthu. Achemwali dzanja lawo ndi lopepuka, aliyense wowatchula "amayi" amuponyera mmodzi. Miyulu 40 ya tomato 4, uliwonse ndi banyira wake, ndiye kuti tomato 200 uja watha, m'chitenje muli K40,000. Ndinawapempha kuti sabata ino azilemba kuseri kwa katoni, madzulo aliwonse, angati ataya ndi angati apereka ulere. Akuti ayesa, koma banyira sangasiye.